Chenji chimene sichinali chathu

Lachinayi

Lero amalume anapita kukapikula katundu m'mawa, ndipo anandisiya ine m'sitolo monga amachitira tsiku lililonse lokaoda. Asananyamuke tinawerengera limodzi ndalama zimene anatenga, zokwana 200,000, zomangidwa m'mitolo inayi ya 50,000 uliwonse, ndipo ine ndinalemba chiwerengerocho m'buku la malonda pamzere wa ndalama zotuluka. Ntchito yolemba m'bukuli ndi yanga, chifukwa amalume amanena kuti maso awo sakuonanso bwino manambala ang'onoang'ono, ngakhale kuti masamu a pamtima amandiposa kutali.

Anabwerako dzuwa lili paliwombo. Titatsitsa makatoni ndi kuwayerekeza ndi zimene zinalembedwa pa lisiti, amalume anapisa m'thumba natulutsa ndalama zotsala kuti ndizibwezere m'kabati. Katundu yense anakwana 183,500, choncho chenji chinayenera kukhala 16,500, ndipo pochotsapo 4,000 imene analipira wonyamula katundu, m'thumbamo munayenera kutsala 12,500. Nditawerenga ndinapeza 22,500. Ndinawerenganso pang'onopang'ono, ndikutikita pepala lililonse ndi zala poopa kuti mwina ena amatana, koma chiwerengero sichinasinthe.

"Amalume, kodi m'thumbamu munalinso ndalama zanu zina?" ndinawafunsa.

"Iyayi mwanawe, thumba ili ndinalikutumula ndisananyamuke. Tandipatsa lisitilo."

Apa m'pamene nkhani inavutira, chifukwa lisitilo silinali kumbali yathu. Pamunsi pake, pamene makina amalemba ndalama zimene wogula wapereka, panalembedwa 210,000, ndipo chenji chinalembedwa 26,500. Kunena kwina, mayi wolandira ndalama kusitolo yopikulitsa katunduyo anapereka ndendende chimene makina anamuuza, ndipo munthu aliyense woona pepalalo akanati palibe cholakwika. Amalume sanathamangire kunena kuti awapatsa zambiri. Anati pali njira ziwiri zokha zimene 10,000 imeneyi ingabwerere: kapena anatengadi 210,000 m'mawa ife n'kulemba molakwa, kapena mayiyo anawerenga bwino 200,000 koma chala chinaphonya polemba pamakina. Ikakhala njira yoyamba, ndalamazo n'zathu ndipo kukazibweza kungakhale kutaya mpamba. Ikakhala yachiwiri, n'za eni ake.

Chotisiyanitsira njira ziwirizi chinali m'kabati mwathu momwemo. Dzulo potseka tinalemba kuti tili ndi 245,000, ndipo ngati amalume anatengadi 200,000, munayenera kutsala 45,000. Kuyambira m'mawa kufikira nthawi imeneyo ndinali nditagulitsa zinthu za 31,200, zonse zolembedwa, ndipo panalibe amene anatenga pa ngongole kapena kudzabweza ngongole yakale. Choncho m'kabati munayenera kupezeka 76,200, pamene akanakhala kuti anatenga 210,000 mukanapezeka 66,200. Tinatseka chitseko mbali imodzi, tinayala ndalama pa kauntala, mapepala paokha ndi zachitsulo pazokha, ndipo tinapeza 76,200 osapereweraponso kanthu. Amalume anapatula 10,000 ija, anaikulunga m'lisiti momwemo, naiika m'thumba la malaya lapachifuwa kuti isasakanikirane ndi zina.

Mnansi wathu wina, amenenso ali ndi kasitolo, anali atabwera kudzafunsa ngati tili ndi ndalama zing'onozing'ono zomusinthira, ndipo anamva zonse. Iye anaseka nati kutola si kuba, ndiponso kuti sitolo yopikulitsa ija ndi yaikulu kotero kuti 10,000 sangaimve n'komwe. Anawonjezera kuti lisiti likuchitira umboni amalume, ndipo ngakhale eni sitoloyo atabwera kudzafunsa palibe chimene angawagwire nacho. Pa mfundo ya lisitiyo sanali kunama, ndipo n'chifukwa chake ndikuona kuti chiyeso cha lero chinali chachikulu kuposa cha munthu amene wangopatsidwa pepala limodzi lowonjezera: pano panali chikalata chosindikizidwa chonena kuti ndalamazo n'zathu, ndipo odziwa zoona anali ife atatu basi.

Amalume sanamulalikire. Anangomufotokozera mmene ndalama zimayendera pamalo otere, zimene ine ndemwe sindinaziganizirepo bwino. Wolandira ndalama amapatsidwa ndalama zoyambira m'mawa, ndipo madzulo makina amaonkhetsa zonse zimene wagulitsa n'kunena kuchuluka kwa ndalama zoyenera kupezeka m'kabati mwake. Makinawo sasamala kuti wogula anapereka zingati. Amangodziwa kuti pa katundu wa amalume payenera kutsala 183,500. Koma mayi uja analandira 200,000 n'kutulutsa 26,500, ndiye kuti m'kabati mwake munatsala 173,500 yokha. Kusiyana kumeneku ndi kumene ogwira ntchito m'masitolo amati shoti, ndipo m'malo ambiri shoti sagwera mwini sitolo ayi, amadulidwa pa malipiro a amene anali pamakinawo, mwinanso kumulembera chenjezo. "Ndalama iyi si ya sitolo yaikulu, achimwene," anatero amalume, "ndi ya mayi amene anandipatsa moni m'mawa uja, ndipo pofika madzulo adzamufunsa kumene waipititsa pamene iye sakudziwa." Mnansiyo anapukusa mutu, analandira ndalama zake zing'onozing'ono napita.

Azakhali anabwera kudzakhala m'sitolo, ndipo ine ndinatsagana ndi amalume nditanyamula buku. Sanafune kudikira mpaka mawa, chifukwa shoti akalembedwa kale pa dzina la munthu, kumufafaniza kumafuna makalata ndi kupempha, pamene ndalama ikabwerera asanatseke tsiku, palibe chimene chimalembedwa.

Tinapeza mzere wautali, ndipo amalume anaima pambali mpaka wogula amene anali kutsogolo atamaliza. Atayandikira nanena kuti abwera pa nkhani ya chenji cha m'mawa, nkhope ya mayiyo inasintha nthawi yomweyo, pakuti munthu akabwerera ndi lisiti m'manja kawirikawiri amakhala akudzadandaula kuti anamupatsa zoperewera.

"Bambo, chenji chanu ndinawerenga pamaso panu, ndipo munachilandira," anatero mwaulemu koma mawu akunjenjemera.

"Zoonadi mayi, ndipo sindinabwere kudzakuimbani mlandu. Munandipatsa zopitirira. Taonani apa palembedwa kuti ndinapereka 210,000, koma ine ndinakupatsani mitolo inayi ya 50,000."

Mayiyo anayang'ana lisitilo kwa kanthawi, kenako anagwira pakamwa. Ndinayembekezera kuti alandira ndalamayo mwamsanga n'kuiponya m'kabati, koma anakana kuikhudza, ndipo amalume nawonso sanamukakamize. Poyamba ndinadabwa, koma chifukwa chake n'chomveka. Wolandira ndalama akaoneka akulandira ndalama kwa munthu amene sakugula kanthu, anzake kapena mkulu wake angaganize kuti pali chinyengo chimene agwirizana. Komanso panali pasanatsimikizike kumbali yawo kuti ndalamayo ikusowadi, ndipo ikanalowa m'kabati losaperewera, madzulo mukanapezeka zopitirira, zimenenso zimafunsidwa, popeza zimaonetsa ngati pali wogula wina amene anaberedwa. Choncho mayiyo anaitana woyang'anira.

Woyang'anirayo anali munthu wosachedwa kukhulupirira. Anamva nkhaniyo, anaona buku lathu pamene ndinamusonyeza 245,000 ya dzulo, 200,000 yotuluka ndi 76,200 imene tinapeza, kenako anauza ogula kuti asamukire pamzere wina. Anasindikiza pamakina kapepala koonetsa malonda onse a tsikulo kufikira nthawi imeneyo, ndipo anayamba kuwerenga ndalama za m'kabati, mayiyo akuonerera ndi manja kumbuyo. Zinatenga nthawi ndithu, ndipo ena pamzere ankang'ung'udza osadziwa chimene chikuchitika. Atamaliza anaonkhetsa kawiri, napeza kuti ndalama zikuperewera ndi 10,300.

Apa panali kachiyeso kena kakang'ono, kosiyana ndi koyamba. Woyang'anirayo anayang'ana amalume ngati akufuna kufunsa za 300 yotsalayo, ndipo ine mumtima ndinkati angoipereka kuti nkhani ithe bwino. Amalume anafunyulula lisiti, anawerenga 10,000 pamaso pa onse awiri, nanena kuti imeneyo ndiyo imene buku lawo ndi lisiti zikugwirizana kuti inapitirira, ndipo 300 inayo sakuidziwa. Pambuyo pake anandiuza kuti akanaipereka, zikanaoneka ngati akuvomereza kuti anatenga 10,300, ndipo umboni wa buku lathu ukanasanduka wokayikitsa. Ndikuganiza kuti analondola, ngakhale kuti panthawiyo ndinaona ngati akuuma mtima.

Anapemphanso chinthu china chimene sindikanachiganizira: kuti woyang'anirayo alembe kuseri kwa lisiti kuti 10,000 yabwezedwa, aikepo tsiku ndi kusayina. Woyang'anirayo anachita zimenezo, ndipo analembanso chimodzimodzi pa kapepala kawo kamene kamatsala mu ofesi. Popanda mawu amenewo, lisiti lathu likanapitiriza kunena kuti tinapereka 210,000 n'kulandira 26,500, pamene buku lathu likunena zina, ndipo munthu wodzayang'ana mapepalawa miyezi ikubwerayi sakanadziwa choti akhulupirire.

Mayiyo anathokoza motsitsa mawu, nati mwezi womwe uno anadulidwapo kale, ndipo akanadulidwanso ndalama yochuluka chonchi sakudziwa kuti lendi akanalipira bwanji. Woyang'anirayo anamuuza kuti kuyambira lero azitchula mokweza ndalama imene walandira asanailembe pamakina, ndipo aziisiya pamwamba pa kabati mpaka wogula atalandira chenji chake, kuti pakakhala kusiyana ziwonekere pomwepo. Amalume anavomereza kuti langizolo n'labwino kwa wogulanso, chifukwa chala chimene lero chalemba 210,000 mawa chikhoza kulemba 190,000, ndipo munthu amene amangolandira chimene makina anena osachotsera yekha pamtima adzapita kwawo ataperewera 10,000, lisiti likumutsutsa.

Za 300 ija, woyang'anirayo anati adikira kuwerenga kwa madzulo, popeza nthawi zina ndalama zachitsulo zimagwera kuseri kwa kabati. Sitinakhalepo kuti tione mapeto ake.

Tinafika kusitolo kwathu nthawi yotseka itayandikira. Ndinalemba m'buku 12,500 yobwerera m'kabati monga mmene zinayenera kukhalira kuyambira pachiyambi, ndinamata lisiti patsamba la lero mbali yosayinidwayo ili pamwamba, kenako ndinafunsa amalume kumene ndilembe 3,000 imene tinalipira pa ulendo wachiwiriwu, wa anthu awiri kupita ndi kubwerera. Azakhali anati woyang'anira uja akanayenera kutibwezera ndalama yoyendera, popeza kulakwitsa sikunali kwathu, ndipo mawu awo anali ndi nzeru. Amalume anayankha kuti akanaitchula, woyang'anirayo akanaidula kwa mayi yemwe uja, ndipo anandiuza kuti ndiilembe pamzere wa zoyendera pamodzi ndi 4,000 ya wonyamula katundu.