Mmene ndinagwirizanitsira mawu anga odzidziwitsa a masekondi 30 ndi chidule changa cholembedwa

Vuto ndinalizindikira patapita masiku atatu kuchokera pamene ndinapita ku msonkhano wa anthu ogwira ntchito yosunga ndi kugawa katundu. Pa nthawi yopuma ndinacheza ndi amayi ena amene amayang'anira nyumba zosungiramo katundu za bungwe lawo, ndipo atandifunsa ntchito yanga ndinawauza kuti ndimaphunzitsa osunga katundu kalembedwe kabwino ka kaundula. Anachita chidwi ndipo anapempha kuti ndiwatumizire chikalata chofotokoza maphunziro ndi ntchito zanga, zimene ndinachita madzulo a tsiku lomwelo. Poyankha, anandifunsa mwaulemu ngati sindinasokoneze zikalata, chifukwa chimene analandira chinkanena za kalaliki wa maakaunti, pamene iwo ankakumbukira kuti anacheza ndi mphunzitsi.

Chikalatacho chinali changa ndithu, ndipo chidule chake cha pamwamba chinkati: "Kalaliki wa maakaunti amene wagwira ntchito zaka 8, wodziwa kulemba mabuku a ndalama, kukonza malipiro ndi kuwerengera katundu, amene akufuna udindo wokulirapo mu dipatimenti ya zachuma." Munalibe bodza mmenemo, ndiponso munalibe bodza m'zimene ndinalankhula, popeza kwa zaka zitatu zapitazo gawo lalikulu la ntchito yanga linali kuphunzitsa anzanga a kosungira katundu. Chimene chinachitika n'chakuti pakamwa panga panali patasintha kale mogwirizana ndi ntchitoyo, koma pepala linatsalira pamene ndinalisiya tsiku limene ndinafunsira ntchito komaliza.

Ndinayamba ndi kufuna kumva zimene ndimanenadi, osati zimene ndimaganiza kuti ndimanena. Ndinapempha mnzanga kuti andifunse funso lakuti "Mumagwira ntchito yanji?" katatu pa masiku osiyana, mosandichenjeza, kwinaku akujambula mawu anga pa foni. Kenako ndinalemba papepala liwu lililonse limene ndinatchula, osakonza kanthu. Gawo limeneli n'losasangalatsa, koma ndikulangiza kuti musalidumphe, chifukwa munthu akangokhala pansi n'kulemba mawu odzidziwitsa kuchokera m'mutu amalemba chinthu chosalala chimene sanachinenepo pamaso pa munthu aliyense. Mayankho anga anatenga masekondi 52, 41 ndi 47. M'mayankho awiri ndinati ndagwira ntchito "pafupifupi zaka khumi", pamene chikalata chinkati zaka 8, ndipo palibe yankho ngakhale limodzi limene ndinatchulamo maakaunti.

Nditaika mapepala awiriwo pambali ndi pambali, ndinafunsa lililonse mafunso anayi ofanana: likunditchula kuti ndine ndani pa ntchito, likunena kuti ndimathandiza anthu ati, likupereka umboni wanji, ndipo likusonyeza kuti ndikulowera kuti. Yankho lililonse ndinalilemba m'mawu osapitirira asanu kuti ndisabisale m'ziganizo zazitali. Pa funso loyamba, pepala linati kalaliki pamene pakamwa panati mphunzitsi. Pa lachiwiri, pepala linali chete pamene pakamwa panatchula osunga katundu. Pa umboni, pepala linali ndi zaka ndi mndandanda wa maluso, pakamwa panali kankhani ka katundu amene ankasowa m'kaundula. Pa funso lomaliza, zinthu ziwirizo zinkalozera mbali zosiyana kotheratu: china ku dipatimenti ya zachuma, china ku ntchito yophunzitsa.

Apa m'pamene ndinachedwa kwambiri, ndipo ndikuona kuti ntchito yonse yagona pamenepa. Kusiyana kwa mawu olankhula ndi olemba kuli mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Pali kusiyana kwa kuchuluka, pamene pepala lili ndi mfundo zisanu ndipo pakamwa pangotenga ziwiri mwa zisanuzo. Kumeneku n'koyenera, chifukwa masekondi 30 sangakwane zonse. Ndiyeno pali kusiyana kwa nkhani, pamene wina womva mawu anu ndi wina wowerenga pepala lanu angakupatseni ntchito ziwiri zosiyana. Kwanga kunali kwachiwiriku, ndipo sikutha pongosintha mawu angapo, chifukwa kumafuna kuti munthu asankhe kaye nkhani imene ili yake. Poyamba ndinayesa kuzisunga zonse ziwiri polemba kuti "kalaliki wa maakaunti komanso mphunzitsi", koma nditawerenga mokweza ndinaona kuti womva sangadziwe chimene angandiitanire. Nditalingalira kwa masiku angapo, ndinavomereza kuti ntchito imene ndikufuna kuti anthu azindiitanira ndi yophunzitsa, ndipo maakaunti ayenera kukhala chifukwa chimene munthu angandikhulupirire pa ntchitoyo, popeza amene analembapo mabuku a ndalama amadziwa kuti cholakwa cha kosungira katundu chimakathera kuti.

Nditasankha, ndinakonza kaye chidule cholembedwa ndisanakhudze mawu olankhula. Ndinatsata dongosolo limeneli chifukwa pepala ndi limene limatsala m'manja mwa munthu, ndipo ndi limene manambala ake angafufuzidwe. Ndinabwerera ku makalata a ku ntchito kukatsimikiza chilichonse: zaka zinali 8, anthu amene ndinawaphunzitsa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto anali 14, ndipo kuwerengera katundu kwa kumapeto kwa mwezi kunatsika kuchoka pa masiku atatu kufika pa tsiku limodzi. Chidule chatsopano chinayamba motere: "Mphunzitsi wa osunga katundu pa kalembedwe ka kaundula, amene wagwira ntchito ya maakaunti ndi yowerengera katundu zaka 8." Pambuyo pake ndinaika anthu 14 aja ndi masiku aja, kenako maluso ena monga kukonza malipiro, ndipo ndinamaliza ndi chiganizo chonena kuti ndikufuna kugwira ntchito ndi mabungwe amene kaundula wawo sagwirizana ndi katundu wa pa mashelefu.

Mawu olankhula ndinawatenga m'chidule chimenechi, potsata lamulo limodzi limene ndinadziikira: chilichonse chimene ndinene pakamwa chiyenera kupezeka papepala, ngakhale kuti si zonse za papepala zimene ndinene. Nditadziyeza ndi wotchi ndikulankhula mosathamanga, ndinapeza kuti m'masekondi 30 mumakwana mawu a Chichewa apakati pa 45 ndi 50. Mawu athu ndi aatali, ndipo nambala imene papepala imaoneka yaifupi, monga 8, imatalika ikatchulidwa kuti zisanu ndi zitatu, choncho ndi bwino kudalira wotchi kusiyana ndi kuwerenga mawu kokha. Nditatchula dzina langa, ndimanena izi:

"Ndimaphunzitsa osunga katundu kulemba kaundula wogwirizana ndi zimene zili pa mashelefu. Ndagwira ntchito ya maakaunti ndi yowerengera katundu kwa zaka 8, ndipo kumene ndili tsopano ndaphunzitsa anthu 14, moti kuwerengera katundu kwa kumapeto kwa mwezi kumene kunkatenga masiku atatu kukutha tsiku limodzi. Ndikufunafuna mabungwe amene ali ndi vuto lomweli."

Ziganizo zake sizofanana ndi za papepala, ndipo ndinachita dala. Pepala limayamba ndi dzina la ntchito, pamene pakamwa ndimayamba ndi zimene ndimachita, chifukwa munthu amene akulakatula chidule chake liwu ndi liwu amamveka ngati akuwerenga kalata, ndipo womvera amasiya kutchera khutu. Zimene ndinazisunga osasintha ndi mawu atatu amene munthu angawakumbukire mawa lake, akuti kuphunzitsa, osunga katundu ndi kaundula, pamodzi ndi manambala onse. Wina akatsegula chikalata changa patapita masiku, maso ake amafunafuna mawu amene anamva, ndipo akawapeza mu mzere woyamba amadziwa kuti wafika pa munthu yemwe uja. Ndinasiyanso kunena kuti "pafupifupi zaka khumi". Pokambirana mawuwo amaoneka opanda vuto, koma wowerenga akaona 8 pamene anamva khumi, amayamba kukayikiranso 14 uja.

Kuti ndidziwe ngati zagwirizanadi, ndinapempha anthu awiri amene sadziwa zambiri za ntchito yanga kuti andithandize. Woyamba anangomva mawu olankhula kamodzi, ndipo wachiwiri anangowerenga chidule kwa mphindi imodzi. Tsiku lotsatira ndinafunsa aliyense payekha kuti andiuze m'chiganizo chimodzi chimene angandiitanire. Ndinadikira tsiku lathunthu chifukwa chofunika ndi chimene chimatsala m'mutu, osati chimene munthu angabwereze nthawi yomweyo. Womva uja anati angandiitane kuti ndiphunzitse antchito ake kusunga kaundula, koma wowerenga anati angandiitane kuti ndimukonzere malipiro ndi mabuku a ndalama. Nditaonanso pepalalo ndinapeza chifukwa chake: ngakhale mzere woyamba unali utasintha, mizere itatu mwa isanu inkanenabe za maakaunti, ndipo kuchuluka kwake kunaposa mphamvu ya mzere woyamba uja. Ndinafupikitsa maluso a maakaunti kukhala theka la chiganizo, ena ndinawatsitsira m'gawo lofotokoza ntchito zakale, ndipo nditayesanso ndi anthu ena awiri mayankho awo anafanana.

Patsala nkhani ya misonkhano yosiyanasiyana, popeza anthu amene ndimakumana nawo si a mtundu umodzi. Ndinadzilola kusintha zinthu ziwiri zokha, zomwe ndi umboni umene ndikuutsindika ndi chiganizo chomaliza. Ndikakhala pakati pa anthu a zachuma ndimatsindika zaka za maakaunti ndi mmene kaundula wolakwika amasokonezera mabuku a ndalama, ndipo ndikakhala pakati pa oyang'anira nyumba zosungiramo katundu ndimatsindika masiku atatu amene anasanduka tsiku limodzi. Chiganizo choyamba sindichisintha kulikonse. Ndikaona kuti pa msonkhano wina ndikufunitsitsa kudzitchula kalaliki wa maakaunti, ndimadziwa kuti kumeneko ndikufunafuna ntchito ina, ndipo ntchito imeneyo ikufunika chidule chakechake chimene ndiyenera kukonza ndisanapite, kuti chimene ndidzatumize chidzafanane ndi chimene ndidzanene.

Manambala nawonso amasintha, ndipo pakamwa pamafulumira kuwasintha kuposa pepala. Nditamaliza kuphunzitsa anthu ena atatu, ndinadzimva ndikunena 17 pa msonkhano pamene chikalata chinali chikadali pa 14. Madzulo omwewo, ndisanatumizire aliyense kanthu, ndinakonza nambalayo m'chikalata ndiponso pa tsamba langa la ntchito la pa intaneti, kenako ndinadziyezanso ndi wotchi, popeza khumi ndi asanu ndi awiri amatenga nthawi yotalikirapo kutchula kuposa khumi ndi anayi.