Bo aise, amalume

Ine ndinakulira ku Kawale, mu Lilongwe, kumene moni amatha munthu asanaime n'komwe. Wina akuti "bo?", iwe ukuti "bobo", mwagundanitsa zibakera, aliyense wapitirira ulendo wake. Ngakhale bambo anga ondibala ndimangoti "mwadzuka madala?" ndili mkati motsuka mkamwa, iwo n'kuyankha ndi mutu. Ndiye itakwana nthawi yoti ndikaonekere kwawo kwa amene lero ndi mayi a kunyumba kwanga, ku Ntchisi, mwiniwakeyo anada nkhawa ndipo anandiika pa sukulu ya pa foni.

"Mukafika munene odi, basi," anatero. "Musayambe ndinu kupereka moni. Kwathu mlendo amayamba wakhala pansi, kenako eni khomo amabwera okha kudzamulonjera. Chipewa muvule. Aliyense amene wakupatsani moni mumuyankhe payekha, musawaphatikize. Ndipo iwe-iwe wanuyo mumusiye ku depoti. Makamaka pa amalume. Amalume ndiwo mwini mbumba, akakana iwo nkhani yathera pomwepo."

Ndinamva zonsezi. Chimene sanandiuze n'chakuti amalumewo amaoneka bwanji. Ine m'mutu mwanga ndinali nditawajambula kale: imvi, jekete lakalekale, ndodo pambali.

Tinanyamuka ndi mnzanga wina wochokera ku Dowa, amene ndinamutenga dala chifukwa zakumudzi amazidziwa. Tinadutsa pa Mponela, n'kukhotera njira ya ku Ntchisi, ndipo chigawo chotsiriza tinayenda wapansi. Titafika pakhomopo tinapeza amuna awiri pansi pa mtengo wa mango. Wina anali mkulu wa imvi mbuu, atakhala pa mpando akusema mpini. Winayo anali mnyamata wa msinkhu wanga, mwinanso wocheperapo, atagwada pa njinga yamoto, manja ali bii ndi oilo, atavala jezi yofiira ya Bullets.

Odi ndinamunena bwino, wina asandinamizire. Koma nditangoona imvi zija, zonse za kudikira moni zinauluka. Ndinathamangira kwa mkulu uja, n'kunjuta, chipewa kukhwapa, n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Muli bwanji amalume?"

Mkuluyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana mnyamata wa njinga uja, n'kuyamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Ine ndinati ndiye kuti andikonda. Mtima utakhala m'malo, ndinadzuka n'kutembenukira kwa wa jezi uja, amene ndinali nditagamula kale kuti ndi mlamu wanga.

"Bo aise! Wa Maule mnzanga, zikuyenda?" Chibakera ndinatambasula.

Iye anachiyang'ana chibakeracho nthawi yaitali ndithu. Kenako anapukuta manja pa kansanza, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zikomo. Takulandirani." Anaitana mwana kuti abweretse mipando. Mnzanga wa ku Dowa anali akundiponda chala, koma ine ndimaganiza kuti nsapato zikumuthina. Ndinawonjezeranso: "Aise, tandigwirirako chikwamachi." Anachilandira ndi manja awiri n'kulowa nacho m'nyumba.

Atatuluka anali atasamba m'manja, atavala jekete pamwamba pa jezi ija. Mkulu wa imvi anakokera mpando wake pambali n'kuloza ndi mpini. "Nkhani mwadzerayi eni ake ndi awa. Ine ndine agogo ake a mtsikanayo. Pamudzi pano ndine mkamwini mnzanu, ndinangobwera kudzakwatira. Koma ndinu amene mukufuna kundilanda mkazi wanga?"

Apa m'pamene ndinazindikira. Wa jezi uja anali mzime wa agogowo, mlongo wawo wa apongozi anga. Kwa Achewa a kumeneko ana amawerengedwa ku mtundu wa mayi, ndipo woyang'anira mbumba ndi mlongo wa mayiyo, kaya ali ndi imvi kaya ndevu sizinamere. Munthu amene ndinamunyamulitsa chikwama ndi amene amayenera kuvomera kapena kukana ukwati wanga.

Amalume sanakalipe. Anachita choopsa kuposa kukalipa: anandipatsa moni weniweni. Anabwera n'kunjuta patsogolo panga, n'kupereka dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono, maso ali pansi.

"Muli bwanji bambo?"

Ine chifukwa cha mantha ndinatulutsa zonse pakamodzi. "Ndili bwino tayenda bwino kunyumbanso onse ali bwino kaya inu."

Iwo anakhala ngati sanamve. "Tili bwino, zikomo." Anawomba m'manja pang'ono, n'kudikira. "Nanga mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino."

"Zikomo. Kumene mwachokerako mwasiyako bwanji?"

Tinayenda choncho, funso lililonse ndi yankho lake, ndi zikomo wake pakati. Moni wa akulu sathamangitsidwa. Mawu amatsika, liwiro limatsika, ndipo amene wafunsidwa amabweza funsolo asanapite ku lina. Atamaliza ndi ine anasendera kwa mnzanga n'kuyambiranso poyamba penipeni, ngakhale mnzangayo anali pompo ndipo tinakwera minibasi imodzi. Mnzangayo anayankha mochititsa nsanje. Sananene kuti "ndili bwino", anati "tili bwino, kaya kunoko," ndipo atamva chiwongo cha amalume anayamba kuwatchula nacho. Nkhope ya amalume inawala. Ndinaona ndithu kuti akanakhala kuti akusankha okha mkamwini, ine ndikanabwerera ndekha.

Kenako kunabwera ana, mmodzimmodzi, aliyense kugwada n'kunong'ona moni wake. Ine ndinali nditapsa kale, ndiye kamwana ka mamina ndinakayankha kuti "tili bwino, kaya inu bambo," poopa kuti mwina nakonso n'kamalume.

Koma chachikulu chinali chisanafike. Kuchokera kuseri kwa nyumba kunatuluka mayi atamanga chitenje ndi duku. Sanafike pafupi. Anagwada chapatali, pafupi ndi nkhokwe, atapotolokera kumbali, maso ali pa nkhuku zimene zimapalasa pamenepo. Ndinafuna kudzuka kuti ndikawagwire chanza, mnzanga anandikoka malaya ndisanawongoke. Apongozi ndi mkamwini sagwirana dzanja, sayang'anana m'maso, ndipo mtunda umene uli pakati pawo ndiwo ulemuwo.

Mayiwo anawomba m'manja n'kufunsa mofatsa: "Kaya ali bwanji abambo?"

Ndinakhudzidwa mtima. Ndinati taonani anthu abwino, sanawaonepo bambo anga koma akuwafunsa. Ndiye ndinafotokoza mwatsatanetsatane. Ndinati abambo ali bwino, kungoti shuga ndiye akuwavutitsa, ndipo adokotala anawaletsa zotsekemera koma iwo amabisa mabisiketi m'thumba la jekete. Ndinatinso mwendo wamanzere umatupa kukazizira. Ndinali nditayamba za dzino lawo pamene ndinamva phokoso lachilendo kukhitchini, ngati munthu watsamwa. Anali mtsikana wanga, atadziluma chitenje kuti asaphulike.

Abambo amafunsidwawo ndinali ine. Ulemu ukafika pamwamba penipeni, ngakhale "inu" amaoneka ngati akuloza munthu ndi chala, ndiye amakulankhula ngati akunena za wina amene palibe: adzuka bwanji amayi, ayenda bwanji alendo, akudwala chiyani agogo. Yankho loyenera linali lalifupi: "Tili bwino, kaya amayi ali bwanji?" M'malo mwake apongozi anga anauzidwa, pamaso pa mwini mbumba, kuti mwamuna wofuna mwana wawo ali ndi shuga, mwendo wotupa, ndipo amabisa mabisiketi.

Anakhala chete kanthawi, akuyang'anabe nkhuku zija. Kenako anati, "Pepani. Koma akumwa mankhwala?"

Mnzanga ndiye anawombola zinthu, akufotokoza kuti odwalawo ndi bambo a ku Kawale, awa ali pano ndi amphamvu ndithu. Agogo aamuna anali atasiya mpini, akupukuta misozi.

Pomaliza kunatulukira agogo aakazi ndi ndodo yawo, ndipo malamulo onse amene ndinali nditangophunzira anawagwetsa. Sanagwade, sanayang'ane kumbali. Anandigwira chibwano n'kunditembenuza uku ndi uku. "Iwe, ndiwe mwamuna wanga watsopanoyo? Waswera bwanji? Koma ndiwe woonda, udzatha kundilimira?"

Agogo ndi adzukulu, pamodzi ndi okwatira adzukuluwo, amaseleulana chotero, ndipo wamng'ono amayenera kubweza nthabwala, bola asasiye "inu". Ndikanangoti "ndabwera kudzakutengani, madalawa akalamba," bwalo lonse likanandiwombera m'manja. Koma ine ndinali nditaopa chilichonse. Ndinatsika pa mpando, n'kunjuta, n'kuyang'ana nkhokwe, n'kunena ndi mawu a pamaliro kuti, "Taswera bwino, kaya agogo aswera bwanji?"

"Tilipo pang'ono," anatero.

"Zikomo kwambiri," ndinayankha mokondwa.

Chala chinapondedwanso. Munthu wamkulu akati pang'ono ndiye kuti m'thupi simuli bwino, ndipo akudikira kuti umufunse kuti chavuta n'chiyani. Agogowo anatembenukira kwa amuna awo. "Uyu za bambo ake amazidziwa mpaka dzino, koma msana wanga ine alibe nawo ntchito."

Nkhani tinakamba, nsima tinadya, ndipo amalume anati ayamba akhala pansi ndi abale, kenako adzatumiza mawu kwa amalume anga. Dzuwa litapendeka anati atiperekeze pa njinga ija mpaka pamsewu. Ndinakhala kumbuyo kwawo ndili chinunu, mnzanga kumbuyo kwanga. Titangopitirira manda a m'mudzimo, amalume anatembenuza khosi.

"Aise, koma timu ija chaka chino ukuiona bwanji? Kumbuyo kuja kukundidetsa nkhawa."

"Zikomo amalume, kaya amalume akuiona bwanji?"

Anaseka mpaka njinga inapita m'mbali. Anati kuno kunjira, tili awiri atatu, ndife anyamata ndipo za mpira tikhoza kukamba momasuka. Koma pakhomo paja, pamaso pa alongo awo ndi ana a mbumba, akalola kugundidwa chibakera ndi mlendo ndiye mawa akaitanitsa msonkhano wa banja kubwera nkhuku zokha. Anatinso "aise" ayenera kuyamba ndi iwo, osati ine.

Titafika pamsewu tinatsika, ndipo mnzanga anathokoza n'kuwomba m'manja. Ine ndinachitanso chimodzimodzi n'kuyamba kuyenda. Amalume anakhosomola, dzanja litatambasuka.

"Pepani amalume, ndimayesa mwangotiperekeza."

"Akamwini sindiwalipiritsa," anatero. "Koma aise amalipira. Ndipo chikwama chija chinali cholemera."