Madesiki ogwedera ndi yankho limene ndinalemba kawiri

Kwa miyezi itatu ndakhala ndikuphunzira kalembedwe ka makalata a zamalonda madzulo, pamene masana ndimalemba maoda ndi kuyankha makasitomala pa shopu ya mipando ya amalume anga kuno ku Dedza. Za malonje, adiresi ndi mawu otsekera kalata sindinenapo, chifukwa tonse amene tikuphunzira zimenezi tikuzidziwa. Chimene chinkandisautsa ndi kuyankha munthu amene wadandaula mokalipa, ndipo sabata yathayi m'pamene ndamvetsa chimene chinkalakwika pa mayankho anga, moti mtima wanga wapepuka ndithu.

Mu Ogasiti tinapereka madesiki 40 a matabwa a paini ku sukulu ina ya ku Ntcheu. Chakumayambiriro kwa Okutobala, mayi amene ndi mphunzitsi wamkulu pasukulupo ananditumizira uthenga pa foni wakuti: "Madesiki anu ndi achinyengo. Ena akugwedera, ena matabwa apamwamba atseguka mipata moti mapensulo akugweramo. Sindinayembekezere kuti mungatibere chonchi." Mawu akuti kuba anandilasa, chifukwa ndimaona mmene amalume amakhetsera thukuta pa ntchito yawo, ndipo nthawi yomweyo ndinalemba kuti: "Mayi, ife sitinabepo munthu. Madesikiwo anachoka kuno ali bwino, ndipo munawalandira nokha n'kusayina. Mwina ana ndi amene akuwakwera. Komanso mukumbukire kuti mtengo tinakuchotserani." Mwamwayi bandulo inali itatha, uthengawo sunapite.

Nditauwerenganso m'mawa mwake, ndinaona kuti munalibe bodza m'mawu anga, komabe chiganizo chilichonse chinkateteza dzina la shopu, ndipo panalibe ngakhale chimodzi chowauza mayiwo kuti ana akhala pati Lolemba. Apa m'pamene panali pogona nkhani. Dandaulo la munthu wokwiya limabwera ndi zinthu ziwiri zolukana, chinthu chimene chachitika ndi chitonzo chimene mkwiyo wawonjezerapo, ndipo ine masiku onsewa ndinkayankha chitonzocho n'kusiya chochitikacho chili pomwepo. Ndinakopera uthenga wawo m'kope, ndipo ndi cholembera chobiriwira ndinadula mzere kunsi kwa mawu onena zinthu zooneka ndi maso, amene anali awiri okha, kugwedera ndi mipata. Mawu akuti chinyengo ndi kuba ndinawazunguliza ndi chofiira, n'kudziuza kuti amenewo sindiwayankha konse, chifukwa munthu sangatsimikize ndi pakamwa kuti si wakuba. Amatsimikiza pobwera kudzakonza.

Ndisanalembe china ndinapita kwa amalume, ndipo sanabise. Matabwa ena anachekedwa mu Juni, nyengo imene kuno kumakhala kuzizira ndi nkhungu, ndipo anasanjidwa m'shedi kwa masabata ochepa chifukwa sukuluyo inkafuna madesiki teremu isanayambe mu Seputembala. Thabwa losauma bwino likakumana ndi dzuwa ndi mpweya wouma wa m'chilimwe limanyala, makamaka m'mbali mwake, choncho matabwa awiri ogundizana amapatukana, ndipo molumikizira mwendo mumakhwepa. Kale ndikanatenga mfundo imeneyi n'kuiika patsogolo ngati chishango, kunena kuti vuto ndi nyengo ya ku Dedza ndi changu cha mayiwo. Tsopano ndinazindikira kuti chifukwa chomwecho chikhoza kugwira ntchito ina: m'malo mofotokoza kuti wolakwa ndani, chikhoza kufotokoza chimene tichite. Ngati matabwa sanaume, ndiye kuti olowa m'malo mwake ayenera kukhala ouma, ndipo mawu amenewo ndi amene kasitomala angawagwiritse ntchito.

Yankho lachiwiri linali lakuti: "Mayi, zikomo potidziwitsa. Tamva kuti madesiki ena akugwedera ndipo ena atseguka mipata pamwamba. Madesiki a miyezi iwiri sayenera kutero, ndipo pepani kuti ana akuvutika polemba. Tikuganiza kuti ena mwa matabwawo anali asanaumitsitse. Chonde mutiwerengere ndi angati, ndipo muwaike pambali. Loweruka lino m'mawa mmisiri wathu abwera ndi guluu, misomali ndi matabwa ouma kuti akonzere pomwepo, ndipo amene sangakonzeke tiwatenga n'kuwabweza pofika Lachisanu lotsatira, inu osalipira kanthu. Ndidzakuimbirani Lachisanu lino madzulo kutsimikiza nthawi."

Ndimabwererabe pa chiganizo chachiwiricho, chifukwa ndi chimene chinandivuta kwambiri. Kubwereza vuto la munthu m'mawu ake ndinkakuona ngati kuvomera mlandu wonse. Sichoncho ayi. Sindinavomere kuti tinaba, sindinavomerenso kuti madesiki onse 40 ndi oipa. Ndinavomera chokhacho chimene mayiwo anaona ndi maso awo, ndipo ndinalemba kuti "tikuganiza" chifukwa tinali tisanawaone madesikiwo. Mawu akuti "koma" ndinawachotsamo dala, pakuti ndaona kuti ukalemba "pepani, koma", wowerenga amaiwala kupepesako n'kugwira zotsatirazo. Ndipo tsiku lililonse limene ndinatchula ndinayamba ndagwirizana nawo amalume, chifukwa kulonjeza Loweruka mmisiri osadziwa kukanangobala dandaulo lachiwiri loposa loyamba. Mantha akanandichititsanso kulonjeza kusintha madesiki onse, zimene shopu yathu singakwanitse.

Mayiwo anayankha mwachidule kuti ndi madesiki 10. Mmisiri atapita anapeza kuti 6 ankagwedera, 3 anali ndi mipata, ndipo onsewa anaonetsa zizindikiro za kunyala: mpata wolunjika kuchoka kunsonga kufika kunsonga popanda pothyoka, ndi molumikizira mokhwepa koma thabwa lili lathunthu. Onse 9 anawakonza tsiku lomwelo.

Njira ya zolembera ziwiriyi ndaikonda kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti palibe uthenga waukali umene singauphwanye; ndayamba kale kuumiriza anzanga a m'kalasi kuti aiyese. Chimene chimandipweteka n'chakuti aphunzitsi athu anatha masabata anayi pa kaikidwe ka adiresi ndi deti, ndipo za madandaulo anangotilembera pa bolodi chiganizo chimodzi choloweza chopepesa "chifukwa cha zovuta zilizonse zimene zachitika". Mawu amenewo satchula vuto, satchula tsiku, ndipo mayi a ku Ntcheu akanawalandira akanadziwa kuti uthenga wawo sunawerengedwe. Ndikudziwa kuti nthawi ya madzulo ndi yochepa, makamaka magetsi akazima, koma tsiku limodzi loti tilembenso mayankho athu enieni likanatithandiza kuposa masabata onsewo.

Latsala ndi desiki lakhumi lija. Mwendo wake unali wothyoka pakati, nsonga zake zili zyolizyoli, zimene zikusonyeza kuti linagwetsedwa kapena kukweredwa, osati kunyala. Amalume analikonza mwaulere osanena kanthu, akuti kuopa kudzutsa mkwiyo umene unali utagona. Ine sindikudziwa ngati tinachita bwino. Tikakhala chete, mwina chaka chamawa desiki lililonse lothyoledwa ndi ana lidzakhala mlandu wathu. Tikanena, mwina ndibwerera ku yankho loyamba lija m'mawu aulemu chabe. Ndayesa katatu kulemba chiganizo chowauza mayiwo zoona za desikilo popanda kumveka ngati ndikudziteteza, ndipo katatu konseko ndachifufuta.