Pulopozali ya masamba 4 ndi msonkhano wa Lachinayi

Abale sabata ino yandikwana, ndipo chandikwana si kulembako ayi koma msonkhano wa Lachinayi masana. Kwa amene simukudziwa, ndili pa intanishipu pa kabungwe kena koona za madzi ndi ukhondo kuno ku Harare, dzina tisiye. Lolemba m'mawa anandiuza kuti ndilembe pulopozali ya kafukufuku yaifupi, masamba 4 basi, vuto, zolinga, njira, ndandanda ya nthawi ndi kabajeti kumapeto, chifukwa opereka ndalama akufuna kuiona Lachisanu. Mutu womwe anandipatsa unali woti "kolera mu Harare". Ndi momwemo, mawu atatu.

Kolera mu Harare si vuto la pulopozali, ndi nkhani yoti aliyense wa mu kombi akuidziwa. Ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu oposa 4,000 dziko lonse ndipo Budiriro inavutika kwambiri, mu Sepitembala 2018 inabukanso ku Glen View ndi Budiriro komweko, 2023 inabweranso. Mipope ya khonsolo imakhala youma masiku ambiri, madzi a ku Morton Jaffray, komwe amayeretsera madzi a khonsolo, sakwanira mzinda, ndiye anthu amadalira mijigo. Zonsezi ndinaziika m'ndime imodzi yokha. Ndime yachiwiri ndi imene inandidyera Lolemba ndi Lachiwiri, chifukwa pamenepo umayenera kunena chinthu chomwe sichikudziwika komanso amene akuvutika posachidziwa. Changa chinali ichi: bungwe lathu limathira kulolini pa mijigo ina, koma mayi amatunga m'mawa, madziwo amakhala m'chigubu kapena mu ndowa mpaka mawa lake, ana akupisamo makapu, ndipo palibe mu ofesi muno anganene ngati madzi amene akumwedwa m'nyumba akadali abwino ngati mmene anachokera pa mjigo. Osadziwa zimenezo sungasankhe ngati ndalama ipite kokonza mijigo kapena kogula zigubu zokhala ndi kampopi. Vuto ndi limenelo, mizere 6.

Zolinga ndinalemba zitatu. Kuyeza kulolini wotsala ndi E. coli, tizilombo tosonyeza kuti m'madzi mwalowa chimbudzi, m'madzi a pa mjigo, kuyeza zomwezo m'madzi osungidwa m'nyumba zotunga pa mjigo womwewo, ndi kuona kasungidwe kake, chidebe chotani, chovundikira kapena ayi, amatunga ndi chani, madzi akhalamo maola angati. Kumbali ndinajambula katebulo koti cholinga chilichonse chikhale ndi chomwe tikayeze, chida chake, ndi mmene tidzawerengere. Cholinga chomwe mzere wake watsala wopanda kanthu ndimachichotsa, olo chikhale chomveka bwino bwanji.

Lachitatu ndinathera ku labu yomwe timagwira nayo ntchito. Kumeneko kuli amayi ena achikulire, makolo awo anachokera ku Dedza kale kale koma iwo anabadwira ku Mufakose, Chichewa chawo chimasakanizika ndi Chishona koma timamvana bwinobwino. Ndi amene anandiuza zinthu zomwe simungazipeze pa fomu ya pulopozali. Sampulo ya madzi iyenera kulowa mu kulabokosi ya ayisi pompopompo ndi kufika ku labu pasanathe maola 6, botolo likhale ndi mankhwala opha mphamvu ya kulolini apo ayi kulolini amapitiriza kupha tizilombo m'botolomo ndipo zotsatira zimaoneka zoyera zabodza. Akasefa amaika mu inkyubeta usiku wonse n'kuwerenga mawa lake, ndiye Lachisanu salandira chifukwa Loweruka kulibe munthu. Magetsi akathima usiku jenereta osayaka, sampulo za tsiku limenelo zatayika. Anati "mwanawe, tsiku limodzi osapitirira mabotolo 15, ukabweretsa ambiri ndikubweza nawo."

Ndiye njira ndinaimanga kuchokera pamenepo. Tsiku limodzi mjigo umodzi, nyumba 12 zotunga pamenepo, botolo limodzi la pa mjigo, limodzi la madzi oyera a ku labu loonera ngati manja athu sakuipitsa sampulo, limodzi lobwereza, kukwana 15. Mijigo 8, nyumba 96. Chiwerengero cha 96 sindinangochitola, ndi fomula yowerengera kukula kwa sampulo, n ndi chiwerengero cha nyumba, p ndi gawo la nyumba zomwe tikuyembekezera kupeza madzi oipa, d ndi malire a kusokonekera kwa zotsatira:

```
n = 1.96² × p(1 − p) / d²
p = 0.5, d = 0.10  →  96
p = 0.5, d = 0.05  →  384
```

Ndipo ndinalemba poyera kuti popeza nyumbazo ndi zamagulumagulu pa mjigo umodzi, zimafanana, ndiye kusokonekera kwa zotsatira kudzaposa mapointi 10 a d = 0.10 aja, uyu ndi kafukufuku wotionetsa kolowera osati wonena za Harare yense. Muyezo ndi wodziwika, E. coli asapezeke mu 100 ml, kulolini wotsala m'nyumba asachepere 0.2 mg pa lita. Mafunso pa KoboToolbox, pulogalamu yolembera mayankho pa foni, mphindi 15 pa nyumba.

Ndandanda inali ya miyezi 6. Iwiri yoyamba yodikira chilolezo cha MRCZ, komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo ku Zimbabwe kuno, ndi kalata ya a zaumoyo ku khonsolo, nthawi yomweyo tikumasulira fomu yovomera mu Chishona, kuphunzitsa ofunsa mafunso, kuonana ndi makomiti a mijigo. Sabata imodzi yoyeserera, masabata awiri otenga sampulo, ena awiri ongoika padera chifukwa cha magetsi ndi galimoto, mwezi wokonza ndi kuwerengera data, otsalawo lipoti ndi kubwerera kukauza anthu zomwe tapeza.

Lachinayi ndi limenelo. Bwana wa mapulogalamu anabwera ataisindikiza kale, bolopeni yofiira ili m'manja, sanaiwerenge kuyambira pamwamba anathamangira pa ndandanda. Miyezi 6 anaikhwatcha n'kulemba masabata 8 chifukwa ati opereka ndalama chaka chawo chikutha. Kenako 96 anati ikuchititsa manyazi, aliyense amalemba 384. Kenako anawonjezera cholinga chachinayi, "kuchepetsa kolera ku Glen View ndi Budiriro". Mzere wa MRCZ anaukoka mzere n'kunena kuti uwu si kafukufuku weniweni ndi kungoona mmene pulojekiti ikuyendera. Bajeti sanaikhudze, inatsala yomweyo. Zonsezi pasanathe mphindi 10, foni ili kukhutu theka la nthawiyo.

Mukudziwa mmene intani amakhalira pa msonkhano, umayenera kungogwedeza mutu. Koma ndinapempha kuti bwana tingowerengera limodzi pa bolodi. Nyumba 384, pa tsiku 12, ndi masiku 32. Labu imalandira Lolemba mpaka Lachinayi, masiku 4 pa sabata, ndiye 32 kugawa ndi 4 ndi masabata 8 ndendende. Masabata 8 onse aja athera kotunga madzi, palibe tsiku lophunzitsa anthu, loyeserera, lowerengera, lolemba lipoti, magetsi asathime olo kamodzi, galimoto imodzi yomwe tili nayoyi isapite kwina. Ndipo mabotolo achoka pa 120 kufika 480 pa ndalama yomweyo. Komanso 384 ija ndi ya anthu osankhidwa mwachisawawa mmodzimmodzi, ife tikutenga m'magulu, amene amadziwa ntchito akaiona adzafunsa kuti bwanji simunachulukitse, ndiye sikuti ikutipulumutsa ku manyazi aja.

Za cholinga chachinayi ndinangofunsa kuti tidzayeza ndi chani. Kafukufuku sachepetsa kolera, amangokuuza zomwe zili m'chigubu. Ukalemba kuti udzachepetsa, pa lipoti lomaliza adzakufunsa kuti wachepetsa ndi angati ndipo ulibe nambala ya odwala, sunapemphe, sunaike mu njira, ndipo olo ukanakhala nayo kolera amakwera ndi kutsika ndi mvula, ndi zimbudzi zophulika, ndi katemera, sungaloze kuti ndi iwe. Mawu amenewo malo ake ndi m'ndime yonena phindu la kafukufuku, osati pa zolinga.

Koma chomwe chinandipsetsa mtima kwenikweni ndi cha chilolezo. Tikulowa m'nyumba za anthu, kufunsa za chimbudzi ndi ana otsegula m'mimba, kulemba malo a nyumba pa foni, ndipo pa tsamba lachinayi bwana yemweyo akufuna tilembe kuti zotsatira tidzazisindikiza mu jenala. Jenala iti idzalandire popanda nambala ya chilolezo? Ndipo fomu ya komiti ija ndi imene imakukakamiza kuyankha funso lomwe mu ofesi palibe amafuna kuliganizira, loti botolo la nyumba ina likatuluka ndi tizilombo tambirimbiri kapena mjigo wonse ukapezeka woipa, mudzauza ndani ndipo pasanathe maola angati. Mu 2018 mijigo ina ku Glen View inapezeka yoipitsidwa n'kutsekedwa, si nkhani yongopeka. Ine ndinali nditaika kuti zikatero tiuza a zaumoyo ku khonsolo tsiku lomwelo ndi kubwerera ku nyumbayo ndi mapilisi a kulolini. Ndime imeneyonso anaichotsa kuti masamba akwane.

Yankho lake linali loti "iwe ndi intani, lemba zomwe ndanena, zinazo tidzaona ndalama ikabwera." Tidzaona ameneyu ndi amene wadzaza kabati ya mu ofesi muno ndi malipoti osamalizidwa, ndawaona ndikufufuza mafayilo Lolemba, mafunso anafunsidwa, data ili pa laputopu ya munthu amene anachoka kale.

Madzulo ake ndikudikira kombi pa Copacabana ndinaimbira amayi a ku labu aja kuwafotokozera. Anaseka n'kunena kuti zolinga, njira ndi nthawi ndi mafuwa, ukasuntha limodzi mphika umagwa, koma anandilangiza kuti ndisalimbane naye, ndimupatse zoti asankhe. Ndiye usiku ndinakonza mapepala awiri. Loyamba ndi lakale lija la miyezi 6 osasintha kanthu. Lachiwiri ndi la masabata 8 loona, lomwe lingathekedi: kuyeza mijigo yathu yokha, kulolini ndi E. coli pa mjigo, kawiri pa mjigo uliwonse, osalowa m'nyumba ya munthu, osafunsa aliyense funso, osatchula za jenala, cholinga chimodzi, ndi chiganizo chonena mosabisa kuti funso la madzi a m'nyumba silidzayankhidwa. Pansi pa imelo ndinaika masamu a 384 aja mizere itatu, n'kukopera mkulu woona za kuwunika ntchito, mwadala.

Lachisanu linapita ndi zina, kukonza mndandanda wa opezeka pa maphunziro a mwezi watha, kuthamangitsa ma risiti a mafuta, pulinta yopanda inki monga mwa masiku onse. Cha m'ma 3 koloko ndinamva kuti atumiza la miyezi 6, mzere wa MRCZ ulimo, 96 ilimo, koma cholinga chochepetsa kolera anachibwezeramo okha pomaliza ndipo pa tsamba loyamba dzina langa palibe. Andiuza kuti Lolemba likubwerali ndiyambe kudzaza mafomu a chilolezo, ndipo ndikufunikabe kotesheni yolembedwa ya ku labu chifukwa mtengo womwe uli mu bajeti ndinangouzidwa pakamwa.