Kabokosi ka sola, sabata yachitatu: fileti yokana ija yalola

Sabata yatha ndinasiya kabokosi ka kabolodi koyezera batire ya sola kali ndi makona akuthwa anayi, ndipo mlamu wanga atakaona pa laputopu anati kakuoneka ngati chikombole cha njerwa. Sananame. Ndiye Loweruka, chiperoni chitatseka phiri la Michiru moti kuno ku Chilomoni sumaona ndi nyumba ya aneba yomwe, ndinakhala pansi kuti ndizungulize makonawo. Ndinkati ndi ntchito ya mphindi zisanu. Inandidyera tsiku lonse.

Kwa amene mwangondipeza kumene, ndikujambula mu pulogalamu ya FreeCAD 1.0, mu Part Design. Kabokosiko ndi ka mamilimita 90 mulitali, 60 mulifupi ndi 30 msinkhu, makoma ake ndi a mamilimita 2, pamwamba ndi potsegula. Pakhoma lalitali pali mpata wa chingwe, wa mamilimita 10 mulifupi, wotsika kuchokera pamlomo wa bokosi. Mpatawu ukuyambira mamilimita 5 kuchokera pakona, ndipo sungasunthe chifukwa ndi pamene pali soketi ya kabolodiko. Mumtengo wa masitepe zinthu zinali motsatana momwe ndinaziganizira: Pad yopanga chibuma, kenako Thickness yokumba mkati, kenako Pocket ya mpata wa chingwe. Pamapeto ndinaika Fillet, sitepe yozunguliza makona, ya rediyasi 8 pa mizere inayi yoimirira ya m'makona. Nditadina OK, chizindikiro chofiira chinatulukira pamtengo, ndipo mu Report view munangolembedwa kuti:

```
BRep_API: command not done
```

Uthenga umenewu suthandiza chilichonse. Uli ngati kondakitala wongoti "sitipita" osanena kuti ndi tayala kapena mafuta. Umachokera ku OpenCASCADE, injini imene imawerengera FreeCAD maonekedwe a zinthu, ndipo umangotanthauza kuti yayesa yalephera.

Chimene ndaphunzira pa zolephera zam'mbuyomu n'chakuti usamasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ndinachotsa mizere yonse pamndandanda wa fileti n'kumaibweza umodziumodzi, rediyasi ili pa 8 pomwepo. Woyamba unalola, wachiwiri unalola, wachitatu chimodzimodzi. Wachinayi, wa pafupi ndi mpata wa chingwe, ndi umene unagwetsa zonse. Kenako ndinausiya wokha n'kuyamba kusewera ndi rediyasi. Pa 2 unalola, pa 4 unalola, pa 6 unakana. Ndinatsikira pa 5, unakanabe. Pa 4.9 unalola. Ukaona kuti fileti ikukanira pa nambala yozungulira bwino chonchi, pita ukayeze, chifukwa penapake pafupi pali chinthu cha muyezo womwewo. Kwa ine chinali kachigawo ka khoma kotsala pakati pa kona ndi mpata: mamilimita 5 ndendende.

Mmene fileti imapangidwira ndi umu. Yerekezani kampira kakugubuduzika motsata konayo, kakukhudza makoma onse awiri nthawi imodzi. Pomwe kampirako kakukhudza khoma ndi pomwe kupindika kumathera. Pa kona ya madigiri 90, malo okhudzawo amakhala pa mtunda wofanana ndi rediyasi kuchokera pakona. Choncho fileti ya 8 imafuna mamilimita 8 a khoma losadukiza mbali iyi, ndi 8 ena mbali inayo. Ine ndinali nditaipatsa 5, kenako phompho. Kampirako kakasowa potsamira, injiniyo imayenera kumeza kachigawo konse ka khoma n'kulumikiza kupindikako ndi m'mbali mwa mpata, ndipo OpenCASCADE pa zimenezi ndi yofooka kwambiri. Ngakhale rediyasi itangofanana ndi kukula kwa khomalo, osapitirira, imakana, chifukwa kachigawo kotsalako kamasanduka kopanda mulifupi.

Apa ndikanatha kungolemba 4.9 n'kupita kukamwa tiyi. Koma makona a 4.9 sankandisangalatsa, ndipo nditatembenuza bokosi kuliyang'ana chapamwamba ndinaona china chimene chinandiziziritsa nkhongono. Makona atatu "olola" aja sanali bwino ayi. Kunja kunali kozungulira, koma mkati munali makona akuthwabe, popeza Thickness inakumba bokosi lisanazungulizidwe, ndipo nsonga ya kona yamkati inkaoneka ngati yaboola n'kutulukira kunja. Ndinatenga pensulo ndi kuseri kwa lisiti. Pakati pa bwalo la kupindikako pali pa mamilimita 8 kuchokera ku khoma lililonse lakunja, kutanthauza 6 kuchokera ku khoma lililonse lamkati. Mtunda wochoka pamenepo kukafika pa nsonga ya kona yamkati ndi:

```
6 × √2 = 8.49
```

Rediyasi ndi 8, nsonga ili pa 8.49. Ndiye kuti nsongayo yatulukira kunja ndi pafupifupi theka la milimita, ndipo pakonapo palibe khoma n'komwe. Fileti sinadandaule chifukwa imangoyang'ana makoma awiri amene ikukhudza, zimene zili kuseri kwake sizikuikhudza. Check Geometry ya mu Part, nditailola kufufuza mozama, inatsimikiza kuti chinthucho chikudzipyoza chokha. Ndikanachitumiza chonchi kwa mnzanga wa ku Chitawira amene ali ndi pulinta, tikanaononga pulasitiki ndi maola angapo a magetsi. Ndinawerengeranso kuti pa khoma la 2, kuboolaku kumayamba rediyasi ikapitirira 6.8 pang'ono, ndipo ngakhale pa 6 pamatsala kakhungu ka 0.34 kokha, koti chala chingaboole.

Mavuto awiriwa, lokuwa ndi lachinunu, gwero lake ndi limodzi. Fileti inafika mochedwa, itapeza mkati mwakumbidwa kale ndipo khoma ladulidwa kale. Mlamu wanga, amene amawotcherera zitsulo ku Ndirande, anabwera masana kudzatenga giraindala yake n'kundipeza ndikulankhula ndekha. Nditamufotokozera anangoti, "Alamu, ife paipi timayamba taipinda, mabowo pambuyo. Mukaboola kaye, imakaphwanyikira pabowopo." Anatenga giraindala yake n'kumapita.

Kusintha ndondomeko mu FreeCAD kuli ndi njira ziwiri zimene ndimazidziwa. Yoyamba ndi kudina kumanja pa sitepe n'kusankha Move object after other object. Ndinayesa kukweza Fillet kuti ibwere pambuyo pa Pad, ndipo inakweradi, koma inapita ndi manambala ake akale a mizere. Bokosi lokumbidwa ndi kudulidwa lili ndi mizere yambirimbiri, pamene chibuma cha Pad chili ndi 12 yokha, choncho ina mwa mizere imene fileti inkaitchula kunalibe, ndipo ina inkaloza kolakwika. Ili ndi vuto lakale la FreeCAD, loti mayina a mizere ndi makoma amasintha chojambula chikasintha. FreeCAD 1.0, imene inatuluka mu Novembala 2024, inalichepetsa kwambiri, koma ukasuntha sitepe n'kuikhazika pa chinthu china, usayembekeze kuti ilosera zimene uli nazo mumtima.

Ndinabwerera m'mbuyo n'kutenga njira yachiwiri, imene ndikuona kuti ndi yaukhondo. Ndinafufuta fileti yakale ija. Ndinadina kumanja pa Pad n'kusankha Set tip, zimene zimabweza chojambula chonse pa msinkhu umenewo, masitepe otsatira n'kukhala ngati akudikira panja. Pa chibuma chosalalacho ndinasankha mizere inayi yoimirira n'kuika Fillet ya 8. Inalola nthawi yomweyo, ndipo n'zosadabwitsa, popeza khoma lalifupi kwambiri ndi la 60 ndipo makona awiri akungodyapo 16. Kenako ndinabwezera Set tip pa Pocket.

Zofiira sizinathe pomwepo. Thickness inataya khoma lapamwamba limene imayenera kuchotsa, chifukwa tsopano lili ndi makona ozungulira ndi nambala ina. Ndinaitsegula n'kulisankhanso, kuonetsetsa kuti Make thickness inwards ndi yochonga. Ndipo apa ndi pamene panali phindu lenileni: mkati munadzizungulira mokha ndi rediyasi 6, kunja 8, khoma n'kukhala la mamilimita 2 ponseponse, pakona pomwe. Sindinaike fileti yachiwiri ya mkati, inabwera yaulere.

Sikechi ya mpata nayonso inali itasokera. Ndinali nditaijambula pa khoma la bokosi mwachindunji, chizolowezi choipa chimene ndimalumbira kuti ndasiya mwezi uliwonse. Ndinaimasula n'kuimangirira pa XZ_Plane, malo athyathyathya okhazikika amene sadalira bokosilo, n'kuikankhira pamalo pake ndi Attachment Offset. Tsopano ngakhale makoma asinthe manambala, iyo sikugwedezeka.

Pocket inadula bwinobwino, popeza kudula chinthu chopindika kale si nkhani kwa injiniyo, imangochotsa chimene chili m'njira. Koma ndinapeza kachibenthu katatsalira m'mphepete mwa mpata, mbali ya kukona. Kuzama kwa Pocket ndinali nditalemba 2, kofanana ndi khoma, ndipo pa khoma lowongoka zinkakwana. Tsopano mamilimita 3 oyamba a mpatawo akugwera pa malo opindika, pomwe khoma lakhotera mkati. Pa mamilimita 5 kuchokera pomwe panali kona, mbali yamkati ya khoma ili pa 2.8, osati pa 2. Ndinakweza kuzamako kufika pa 4 ndipo kachibenthuko kanachoka. Kakanakhala kakuthwa, koti n'kumatafuna chingwe pang'onopang'ono.

Musatengere apa kuti fileti iliyonse iyenera kukwera pamwamba. Ndinayesa dala kuika rediyasi 1.5 pa makona omwewo Thickness isanafike, ndipo ulendo uno Thickness ndi imene inakana. Rediyasi yamkati ndi yakunja kuchotsapo khoma, ndipo 1.5 kuchotsapo 2 kulibe. Choncho pa bokosi ili fileti yaikulu kuposa khoma, imene ikupanga thupi la chinthucho, yakhala pamwamba, pamene tating'ono tongofewetsa m'mphepete tatsala kumapeto kwenikweni.

Kamodzi mwa tating'onoto n'kamene kanandiluma komaliza. Ndinkafuna kufewetsa mlomo wa bokosi, mzere wakunja ndi wamkati, ndipo ndinalemba 1 poganiza kuti 1 uku ndi 1 uko pa khoma la 2 zipanga mlomo wozungulira bwino. Uthenga womwe uja unabweranso. Nthenda yake ndi yomwe ija ya 5 ndi 4.9: awiriwo akukumana pakati n'kumaliza khoma lonse lapamwamba. Ndinaika 0.8, pakati n'kutsala kanjira kosalala ka 0.4, ndipo inalola. Pa pulasitiki wopulintidwa kusiyanako chala sichingakumve.

Mtengo tsopano ukuwerengeka motere: Pad, Fillet, Thickness, Pocket, Fillet001. Check Geometry sikupezanso cholakwa. Ndasinthanso mulitali kuchoka pa 90 kupita pa 95 n'kubwezanso kuti ndione ngati china chigwe, ndipo palibe chagwa. Fayilo ndaitumiza ku Chitawira, ndipo mnzangayo akuti ali ndi pulasitiki wakuda yekha, ndiye kabokosi kakhala kakuda. Chatsala ndi chivundikiro, chimene mlomo wake wolowa mkati uyenera kutsata rediyasi 6 ija kuchotsapo kampata kolowera. Ndiyamba ndi 0.2 mbali iliyonse, tikaona ngati chilowe popanda kuchipala ndi mpeni.