Ndalama zokwanira zaka zinayi, koma zoperewera pakati

M'kalasi yathu yamadzulo ya kayendetsedwe ka ntchito zachitukuko, teremu ino tafika pa bajeti ya zaka zingapo. Aphunzitsi anati aliyense apeze ntchito yeniyeni, ailembere bajeti, kenako akaifotokoze kwa anthu amene sanaphunzire za maakaunti. Ine ndinatenga holo imene mpingo wathu kuno ku Mufakose ukufuna kumanga. Manambala ndawafewetsa kuti asavute kutsatira, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Ntchito yonse, pa mitengo ya lero, ndi madola 200,000 a ku America. Mawu akuti "pa mitengo ya lero" ayenera kulembedwa pamwamba pa pepala, pamodzi ndi mwezi umene mitengoyo inatengedwa ndiponso mtundu wa ndalama. Kuno ku Harare palibe wofunika kumuuza chifukwa chake. Makolo athu anaona ndalama ikusanduka mapepala mu 2008, ndipo ndalama ina ya Zimbabwe, ZiG, inabwera mu Epulo 2024. Bajeti ya zaka zinayi yosatchula ndalama yake ndi tsiku lake ingasocheretse komiti imene idzalowe mtsogolo.

Choyamba n'kugawa ntchito m'zaka, ndipo chimene chimalamula ndi dongosolo la kamangidwe, osati kugawa mofanana. Chaka choyamba n'cha mapulani, chilolezo cha khonsolo ndi maziko: 40,000. Chachiwiri ndicho cholemera, makoma, denga ndi pulasitala: 80,000. Chachitatu magetsi, mapaipi, mawindo ndi zitseko: 50,000. Chomaliza pansi, penti ndi mabenchi: 30,000.

Kenako pamabwera kukwera kwa mitengo. Ndinaika 6 peresenti pachaka. Nambala imeneyi ndi yongoyerekeza, ndipo pepala liyenera kunena choncho. Njira yabwino yoipezera ndi kuyerekeza makotesheni akale ndi atsopano a simenti, zitsulo, malata ndi malipiro a amisiri, chifukwa zomangira sizikwera mofanana ndi ufa kapena shuga. Chofunika kumvetsa n'chakuti kukwerako kumakwera pamwamba pa kukwera kwa chaka chatha. Chaka chachiwiri timachulukitsa ndi 1.06, chachitatu ndi 1.06 kawiri, chachinayi katatu. Pa kompyuta, m'pulogalamu monga Excel, ngati peresenti yolembedwa 0.06 ili m'bokosi B1, nambala ya chaka, kuyambira 1 mpaka 4, mu A4, mtengo wa lero mu B4, timalemba motere:

```
=B4*(1+$B$1)^(A4-1)
```

Chaka choyamba chimakhalabe 40,000. Chachiwiri chimafika 84,800, chachitatu 56,180, chachinayi 35,730. Zonse pamodzi 216,710. Ndiye kuti kukwera kwa mitengo kokha kwadya 16,710, holo osakula ngakhale ndi njerwa imodzi.

Anthu ambiri amangoika 6 peresenti kamodzi pa 200,000 yonse n'kupeza 212,000, ndipo amaperewera ndi 4,710. Ena poopa amakweza ndalama yonse ngati idzagwiritsidwa ntchito chaka chachinayi, n'kupeza pafupifupi 238,200, nambala yongofooketsa anthu opereka. Ukafuna kudziwa ngati bajeti yalembedwa bwino, gawa mtengo wokwezedwa wa chaka chilichonse ndi mtengo wake wa lero. Mayankho azikwera: 1.00, 1.06, 1.12, 1.19. Akakhala ofanana zaka zonse, pali cholakwika. Ndipo ndalama ya kukwera kwa mitengoyi si yomweyo ndi ya zogwa mwadzidzidzi. Amisiri akapeza thanthwe pokumba maziko, imeneyo ndi nkhani ina, yofunika mzere wakewake.

Tsopano pamene pandigwira mtima kwambiri ndi pa mzere wa chiwonkhetso, umene umasonyeza ndalama zonse zotuluka kuchokera pa chiyambi kufika kumapeto kwa chaka chilichonse. Mzerewu ukuyenda chonchi: 40,000, kenako 124,800, kenako 180,980, pomaliza 216,710. Nditaonetsa pepala kwa komiti, bambo wina wachikulire anatulutsa foni n'kuyamba kuphatikiza manambala anayiwo. Anapeza 562,490, nkhope inasintha.

"Mwanawe, holo yake iti ya ndalama zonsezi?"

Ndinawayankha kuti, "Ayi bambo, mzere uwu uli ngati mita ya madzi. Nambala ya mwezi uno yanyamula kale ya mwezi watha, sitiziphatikiza. Ya pansi penipeniyo ndiyo mtengo wonse." Anagwedeza mutu n'kubweza foni m'thumba. Kuchokera pamenepo ndimalemba mawu akuti "musaphatikize" pamutu pa mzerewo, ndipo ndimaonetsetsa kuti nambala yake yomaliza ikufanana ndi chiphatikizo cha zaka zinayi zija.

Phindu lenileni la mzerewu limaoneka ukauika pambali pa chiwonkhetso cha ndalama zolowa. Amayi msungichuma ananena kuti malonjezo a akhristu ndi a abale a kunja akufika 55,000 pachaka. Pa zaka zinayi ndi 220,000, kuposa 216,710 imene ikufunika. Aliyense m'chipindamo anapuma, ena anaomba m'manja. Koma tiyeni tiyende chaka ndi chaka. Pakutha pa chaka choyamba zalowa 55,000, zatuluka 40,000, zinthu zili bwino. Pakutha pa chachiwiri zalowa 110,000 pamene ntchito ikufuna 124,800: taperewera 14,800. Pakutha pa chachitatu zalowa 165,000 pamene ikufunika 180,980: taperewera 15,980. Ndalama zimadzakwana chaka chachinayi chokha, n'kutsala 3,290.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti kuperewera koyambako kukugwera pa chaka cha denga. Makoma a njerwa atayima opanda malata kuyambira Novembala mpaka Malichi, mvula ikuwamenya, mitengo ya denga ikupindika, anthu amene anapereka ndalama zawo movutikira akudutsa pamenepo Lamlungu lililonse. Nyumba zambiri zimene timaona zitayima theka m'makomboni muno, ndimakhulupirira kuti eni ake anawerengera bwino mtengo wonse, koma sanaone kuti ndalama idzafunika liti.

Tinayesa kusuntha ntchito. Denga silingadikire, koma pulasitala angathe. Tikachotsa ntchito ya 15,000, pa mitengo ya lero, m'chaka chachiwiri n'kuipititsa m'chachitatu, chaka chachiwiri chimakwana, koma ntchitoyo yakwera ndi 954 chifukwa yadikira chaka china. Ndipo dzenje silinatsekeke, langosamukira kutsogolo: chaka chachitatu tsopano chaperewera 16,934. Pamafunikanso kukankhira ntchito ya 16,000 m'chaka chachinayi, zimene zikuwonjezera 1,079. Potero chaka chilichonse chimakwana, koma ya 3,290 yotsala ija yatsika kufika pa 1,257. Pa ntchito ya zaka zinayi, imeneyo ndi yochepa kwambiri. Mitengo itangokwera ndi 7 peresenti m'malo mwa 6, yatheratu.

N'chifukwa chake ine ndinalangiza njira ina: kupempha amene angathe kuti apereke malonjezo awo a chaka chachinayi msanga, pafupifupi 16,000 ilowe chaka chachiwiri chisanathe. Palibe amene akuwonjezera kalikonse, angofulumiza. Mmodzi wa akulu ampingo anafunsa ngati sikungakhale kwanzeru kudikira chaka chathunthu tisanayambe, ndalama ziyambe zaunjikana. Tinawerengera pomwepo: ntchito yonse ikachedwa ndi chaka, 216,710 imakhala 229,713, kutanthauza 13,003 yowonjezera, ngakhale kuti mavuto a pakati aja amatha. Komiti yatenga mapepala onse atatu, ndipo msungichuma ayamba kufunsa mabanja mmodzimmodzi kuti ndani angathe kufulumiza chopereka chake tisanakumanenso mwezi wamawa.