Nkhani imodzi imene inalembedwa katatu pamndandanda

Ntchito yanga kuno ku Zomba ndi yokonza zolemba za ophunzira ndi ochita kafukufuku zisanapite kwa oziyesa, ndipo sabata yathayi inathera pa masamba omaliza a buku la mayi wina amene akumaliza digiri yachiwiri pa nkhani za umoyo. Anafika Lolemba m'mawa atanyamula kompyuta yawo, nandiuza kuti aphunzitsi owayang'anira awabwezera ntchitoyo chifukwa cha mndandanda wa mabuku ndi nkhani zimene anagwiritsa ntchito. M'mitu iwiri ya bukulo munali wolemba wina amene dzina lake linkatsatiridwa ndi 2019a pena, 2019b pena, ndi 2018 penanso. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, kodi munawerenga nkhani zingati za munthu ameneyu?" Iwo anayankha kuti akukumbukira imodzi yokha.

Yankho limenelo linandiuza komwe kunali vuto. M'kalembedwe ka APA, zilembo a ndi b zimawonjezedwa pa chaka pamene wolemba yemweyo ali ndi nkhani ziwiri zosiyana m'chaka chimodzi, choncho pulogalamu ikaziyika pamene wowerenga akudziwa nkhani imodzi, ndiye kuti nkhaniyo inalowa kangapo ndipo pulogalamuyo ikuyiyesa nkhani zosiyana. Titatsegula Zotero, pulogalamu yosanja mndandanda wa mabuku momwe mayiwa amasungira zonse, tinaipezadi katatu. Yoyamba anaitenga ku PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya nkhani za zachipatala, ndipo dzina la magazini linali lachidule, Malawi Med J, masamba ake atalembedwa 145-52. Yachiwiri anaikopera pamndandanda wa munthu wina, ndipo inali ndi dzina lonse, Malawi Medical Journal, mawu onse ofunika a mumutu akuyamba ndi chilembo chachikulu, masamba atalembedwa pp. 145–152. Yachitatu anaitayipa okha pamanja, nasiya mbali ya mutu imene imabwera pambuyo pa madontho awiri, naika chaka cha 2018 chimene nkhaniyo inayamba kuoneka pa intaneti isanapatsidwe voliyumu ndi masamba.

Palibe chilichonse mwa zitatuzi chimene chinali bodza, ndipo n'chifukwa chake ntchito imeneyi imafuna kudekha. Kalembedwe ka Vancouver, kamene magazini ambiri a zachipatala amatsata, kamafupikitsa dzina la magazini komanso sikabwereza manambala a tsamba lomaliza amene akufanana ndi a tsamba loyamba, moti 145-52 ikutanthauza 145 mpaka 152, ndipo 1198-205 ikutanthauza 1198 mpaka 1205. APA imafuna dzina lonse la magazini, masamba onse, ndi chilembo chachikulu pa liwu loyamba la mutu, pa liwu loyamba la mbali yachiwiri ya mutuwo, ndi pa mayina enieni okha.

Lachiwiri ndinayamba ndi gawo la Duplicate Items mu Zotero. Gawoli limayerekeza mitu, manambala a DOI, amene amazindikiritsa nkhani iliyonse payokha, ndi a ISBN a mabuku, ndipo kusiyana kwa zilembo zazikulu ndi zazing'ono sikulisokoneza, choncho yoyamba ndi yachiwiri linazigwira, pamodzi ndi zina zingapo pa zolembedwa 312 zimene zinalimo. Yachitatu silinaione, chifukwa mutu wake unali wodukiza ndipo inalibe DOI. Ndinawachenjeza mayiwa pa chinthu chimodzi chimene ndachiona chikuvulaza ambiri: yobwerezedwa siyenera kufufutidwa, iyenera kuphatikizidwa ndi inzake pogwiritsa ntchito batani la Merge. Ukaifufuta, malo onse a m'buku amene ankaloza kwa iyo amasiya kulumikizana ndi zimene zatsala mu Zotero, pamene ukaphatikiza, onse amaloza kwa imodzi imene wasankha. Zotero imakananso kuphatikiza ziwiri za mitundu yosiyana, motero imene inalowa ngati Web Page iyenera kusinthidwa kaye kukhala Journal Article.

Lachitatu ndi Lachinayi ndi pamene panali ntchito yeniyeni, yofunafuna zimene pulogalamu inaphonya. Ndinatulutsa mndandanda wonse ngati fayilo ya CSV kuti ndiuone mu Excel, ndipo apa ndinalakwitsa ndekha. Ndinangoidina fayiloyo kuti itseguke, ndipo Excel inasandutsa masamba ngati 3-9 ndi 1-12 kukhala madeti. Ndinazindikira nditaona mayina a miyezi m'danga la masamba, ndipo ndinayambiranso, ulendo uno nditauza Excel polowetsa fayiloyo kuti dangalo ndi Text.

Njira imene ndimadalira ndi yosiya kuyerekeza zinthu zimene zimasintha ndi kalembedwe, n'kugwira zimene sizisintha. Mutu umasintha, dzina la magazini limafupikitsidwa, tsamba lomaliza limadulidwa, ngakhale chaka chimatha kusiyana monga tinaonera. Koma dzina la bambo la wolemba woyamba, voliyumu ndi tsamba loyamba zimakhala zomwezo pa makalembedwe onse. Nditachotsa pp. paliponse, ndinalumikiza zitatuzi m'danga limodzi motere, A ali dzina la bambo lokha, D ali voliyumu, E ali masamba:

```
=LOWER(TRIM(A2))&"|"&D2&"|"&TRIM(LEFT(E2,FIND("-",SUBSTITUTE(E2,"–","-")&"-")-1))
```

Mbali ya SUBSTITUTE ndi yofunika kwambiri, chifukwa kamzere kakafupi ka pa kiyibodi ndi kamzere kotalikirapo kamene APA imaika pakati pa masamba timafanana m'maso, koma kwa kompyuta ndi zilembo ziwiri zosiyana. Nditasanja mndandandawo potsata danga latsopanoli, yoyamba ndi yachitatu zija zinakhala moyandikana, popeza mayiwa anali atawonjezera voliyumu ndi masamba pambuyo pake osasintha chaka. Zikanakhala kuti sanawonjezere, njirayi siikanaigwira, ndipo n'chifukwa chake ndimasanjanso kachiwiri potsata dzina la wolemba n'kuwerenga ndi maso zonse zimene zilibe voliyumu. Njirayi imafunanso chenjezo pa magazini amene kope lililonse limayambira tsamba 1, chifukwa pamenepo pafunika kuwonjezera nambala ya kopelo. Magazini ngati PLOS ONE alibe masamba koma nambala ya nkhani yoyamba ndi chilembo e, ndipo nambalayo imagwira ntchito ya tsamba loyamba popanda vuto.

Chimene chinandidyera nthawi yambiri Lachinayi masana ndi ziwiri zimene mayiwa ankafuna kuti tiphatikize chifukwa olemba, chaka ndi mutu zinali zofanana. Ndinawapempha kuti tidikire kaye, ndipo nditafufuza ku Crossref, kumene ma DOI amalembetsedwa, ndinapeza kuti iliyonse ili ndi DOI yakeyake. Imodzi inali nkhani yeniyeniyo, ndipo inayo inali chidziwitso chachifupi chokonza manambala olakwika m'tebulo lina la nkhaniyo. Tikanaziphatikiza, chidziwitso chokonzacho chikanasowa pamndandanda, chonsecho manambala amene mayiwa anatchula m'mutu wachinayi anachokera m'menemo. Lamulo limene ndimatsata ndi lakuti DOI ikafanana ndi nkhani imodzi, ngakhale ina italembedwa ndi zilembo zazikulu kapena ndi https://doi.org/ kutsogolo, koma ikasiyana sindiphatikiza mpaka nditatsegula zonse ziwiri n'kuziwerenga.

Lachisanu tinaphatikiza zotsalazo, ndikusankha pa gulu lililonse imene inali ndi dzina lonse la magazini, masamba onse ndi chaka cha voliyumu, ndipo mndandanda unatsika kuchoka pa 312 kufika pa 287. Mu Word ndinadina Refresh, ndipo 2019a, 2019b ndi 2018 zija zinasanduka 2019 paliponse kupatula malo anayi amene mayiwa anatayipa pamanja. Amenewo pulogalamu siiwadziwa, choncho tinawafunafuna ndi Ctrl+F, tikulemba 2019a kenako 2019b kenako 2018, n'kuwalowetsanso kudzera mu Zotero limodzi ndi limodzi mayiwa asanapite kukasindikiza.